Wotchi siitseka pakamwa pa munthu: kugwira ntchito yozama mu ofesi yaphokoso

  Lero tikambirana za vuto limene ambiri ogwira ntchito zolembalemba amalidziwa bwino. Munthu wafika mu ofesi m'mawa ali ndi ntchito imodzi yofuna mutu wonse, koma chipindacho muli anthu asanu ndi mmodzi, wina akuyankha foni, wina akufotokoza za mpira wa dzulo, purinta ikulira, ndipo pakhomo pakugogoda mlendo. Nthawi yoweruka ikamakwana, munthuyo watopa ngati wagwira zambiri, koma ntchito ija sinasunthe. Pofuna kuthana ndi zimenezi, ambiri amalangizidwa kuti aziika wotchi, azigwira ntchito mphindi 25 kenako n'kupuma. Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti musaiphonye: wotchi imathandiza munthu kudziletsa yekha, koma siletsa anthu ena. Mu ofesi yaphokoso, nthawi ya ntchito yozama imatetezedwa ndi mgwirizano wa anthu a m'chipindamo. Tiyamba ndi kuona chimene njira ya wotchi imachita bwino, kenako tiona chimene phokoso limachita m'mutu mwa munthu, titsatire ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pomaliza tiyankhe amene sakugwirizana nazo.

Choyamba, ntchito yozama n'chiyani? Mphunzitsi wina wa sayansi ya makompyuta pa yunivesite ya Georgetown ku America, Cal Newport, analemba buku mu 2016 lomwe linatchukitsa ganizoli. Iye anasiyanitsa mitundu iwiri ya ntchito. Pali ntchito zimene mungathe kuchita maganizo ali pakati n'pakati, monga kuyankha mauthenga, kudinda mapepala ndi kukonza mafayilo. Ndiye pali ntchito zimene zimafuna kuti musunge zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi n'kumaziyerekeza, monga kulemba lipoti, kufufuza pomwe ndalama zasokonekera m'mabuku, kukonza mayeso a ophunzira, kapena kulemba pulogalamu ya kompyuta. Mtundu wachiwiriwu ndi umene tikuutcha ntchito yozama. Chizindikiro chake n'chakuti siyamba pomwe mwakhala pampando. Pamapita kanthawi mukusonkhanitsa m'mutu zimene munasiyira, ndipo pokhapokha zikasonkhana m'pamene ntchito yeniyeni imayenda. Ili ngati mphika wa nyemba: mukamauphula pamoto mphindi zochepa zilizonse, ngakhale muubwezerepo msanga, madzi ayenera kuyambanso kutentha, ndipo nkhuni zitha nyemba zisanapse.

Tsopano njira ya wotchi ija. Dzina lake ndi Pomodoro, ndipo anaiyambitsa ndi Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ali wophunzira pa yunivesite. Anagwiritsa ntchito kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato. Malamulo ake ndi osavuta. Musankhe ntchito imodzi, muike wotchi pa mphindi 25, mugwire osatembenuka mpaka belu litalira, mupume mphindi zisanu, ndipo mukachita zimenezi kanayi mupume nthawi yotalikirapo. Ndikufuna kunena mosabisa kuti njirayi ili ndi phindu lenileni. Imathandiza munthu amene akuzengereza, chifukwa kulonjeza mphindi 25 n'kopepuka kusiyana ndi kulonjeza tsiku lonse. Imathandiza munthu amene dzanja lake limangothamangira pa foni, chifukwa amadziuza kuti ayang'ana belu likalira. Imathandizanso kudziwa kuti ntchito yakutiyakuti imatenga nthawi yaitali bwanji, zomwe ambiri timaganiza molakwika. Koma taonani, zonse zitatuzi ndi mavuto ochokera mwa munthu mwini. Ndipo pali lamulo lina la Cirillo limene ambiri amaliiwala: chigawo cha mphindi 25 sichidulidwa pakati. Chikasokonezedwa, sichiwerengedwa, mumayambiranso. Mu chipinda chomwe munthu amaitanidwa kawirikawiri, lamulo limeneli likutanthauza kuti akhoza kuweruka asanamalize chigawo n'chimodzi chomwe. Mwini njirayo anadziwa vutoli, n'chifukwa chake analangiza kuti wina akakuitanani mumuuze kuti muli pa ntchito, mugwirizane nthawi ina, ndipo mudzam'funedi nthawiyo ikakwana. Apa mukuona kuti ngakhale mwini wotchiyo anaona kuti pamafunika kukambirana ndi anthu.

Tiyeni tipite ku gawo lachiwiri: kodi phokoso limachita chiyani m'mutu? Apa pali chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Chosokoneza kwambiri si kukula kwa phokoso ayi, koma kumveka kwa mawu. Jenereta yolira panja, fani ya padenga, mvula pa malata, zonsezi ndi phokoso losasinthasintha, ndipo khutu limalizolowera mpaka kuliiwala. Mawu a munthu ndi osiyana. Akatswiri a za kaganizidwe ka munthu, kuphatikizapo Alan Baddeley wa ku Britain ndi mnzake Pierre Salamé, anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti munthu amene akuyesa kukumbukira manambala motsatizana amalakwitsa kwambiri ngati pafupi pakumveka mawu, ngakhale atauzidwa kuti asawamvere. Chifukwa chake n'chakuti tikamasunga manambala kapena chiganizo m'mutu, timachinena chamumtima, ndipo mawu ochokera kunja amalowerera pomwepo. Katswiri wina wa za phokoso m'nyumba wa ku Finland, Valtteri Hongisto, anasonkhanitsa zofufuza zambiri n'kuonetsa kuti ntchito imawonongeka molingana ndi mmene mawuwo akumvekera bwino. Nkhani ya anthu awiri imene mukumva liwu lililonse imakuberani maganizo kuposa chiphokoso cha anthu ambiri chimene simukutolapo kanthu. Ndipo ofufuza a pa yunivesite ya Cornell anapeza mu 2010 kuti kumva munthu akulankhula pa foni, pomwe mukumva mbali imodzi yokha, kumasokoneza kuposa kumva anthu awiri akucheza, chifukwa mutu sudziwa nthawi imene liwu lotsatira litulukire ndipo umangokhala tcheru.

Mfundo yofunika pano ndi yakuti zimenezi sizichitika chifukwa munthuyo ndi waulesi kapena wosadziletsa. Maso mungawatseke, koma makutu alibe chitseko. Choncho amene waika wotchi yake pa mphindi 25 mu chipinda chomwe mnzake akukangana ndi kasitomala pa foni, wakhaladi pampando mphindi 25, koma gawo lina la mutu wake linali pa foni ija. Wotchi yawerenga nthawi, siinawerenge kuzama kwa maganizo. Ndiye pali kusokoneza kwachiwiri, kumene munthu amabwera pa tebulo lanu ndi funso. Gloria Mark wa pa yunivesite ya California ku Irvine ndi anzake anakhala m'maofesi akulemba zimene antchito akuchita mphindi ndi mphindi. Anapeza kuti munthu akadulidwa pa ntchito, kawirikawiri pamadutsa mphindi zoposa 20 asanabwerere ku ntchito imene anaisiya, chifukwa funso limodzi limam'pititsa ku kantchito kena, ndipo kameneko n'kum'pititsa ku kenanso. Anapezanso m'kafukufuku wina kuti anthu odulidwadulidwa amayesa kubweza nthawiyo pogwira mofulumira, koma amalipira ndi nkhawa ndi kutopa. Wofufuza wina, Sophie Leroy, anaonetsa mu 2009 kuti tikachoka pa ntchito imene sitinamalize, gawo la maganizo limatsalira kumeneko, ndipo ntchito yotsatirayo timaigwira ndi mutu woperewera. Mukaika zonsezi pamodzi, muona kuti funso la mphindi imodzi silidya mphindi imodzi yokha.

Tsopano tiyeni titsatire ntchito imodzi kuti tione zimenezi pafupi. Tiyerekeze kalaliki wa za ndalama kumapeto kwa mwezi. Ntchito yake lero ndi kuyerekeza buku la ndalama la ofesi ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo ziwirizi zasiyana ndi K45,000. Poyamba amayala mapepala, sitetimenti kumanzere, buku kumanja, rula pamzere umene ali. Amachonga ndalama zimene zikupezeka mbali zonse ziwiri. Akamapitirira amayamba kusunga zinthu m'mutu: cheke ichi chinalembedwa koma sichinafike ku banki, apa banki yadula ndalama zake zomwe sizinalowe m'buku, risiti iyi ikuoneka ngati yalembedwa kawiri. Pofika mphindi 20, chithunzi cha mwezi wonse chayamba kuoneka, ndipo akukumbukira lamulo lina la ntchito yake, lakuti kusiyana kukagawika bwino ndi 9, mwina manambala awiri anatembenuzidwa polemba. Akuyamba kufunafuna pomwe 72 inalembedwa ngati 27. Posakhalitsa belu la wotchi imene anaika pa mphindi 25 likulira. Akamvera belulo n'kuimirira, zonse zimene anasunga m'mutu zimwazika pa nthawi imene zinangoyamba kum'thandiza. Apa wotchi imene inabwera kudzam'teteza yasanduka wosokoneza wina. Ndipo m'chipinda chaphokoso pali choonjezera: akangoimirira, anzake amaona kuti wamasuka, ndipo kupuma kwa mphindi zisanu kumasanduka nkhani ya theka la ola.

Nanga kalaliki yemweyu akanachita bwanji? Akanayamba dzulo lake, poyang'ana kuti chipinda chawo chimakhala chete nthawi yanji. Ofesi iliyonse ili ndi kayendedwe kake: mwina m'mawa makasitomala asanayambe kufika, mwina anthu akapita ku nkhomaliro, mwina tsiku limene ambiri amatuluka kukagwira ntchito kunja. Akanasankha nthawi imeneyo, ola limodzi kapena ola ndi theka, n'kuuza abwana ndi anzake kuti kuyambira 8 koloko mpaka 9:30 akhala ali pa mabuku a banki, ndipo zonse zosafulumira aziyankha ikangotha nthawiyo. Akanapempha mnzake mmodzi kuti ayankhe foni ya pa tebulo, naye n'kulonjeza kudzabweza masana. Akanatembenuza mpando kuti asayang'ane kukhomo, foni ya m'manja n'kuiika mu dirowa. Wotchi akanaigwiritsabe ntchito, koma mosiyana: mphindi 25 zoyamba zikhale zom'kankha kuti ayambe, ndipo belu likalira ntchito ikuyenda, apitirize mpaka pamalo oimapo abwino, monga kumapeto kwa tsamba kapena kwa sabata imodzi ya sitetimenti. Malo opumira asankhidwe ndi ntchito, osati ndi belu. Ndipo abwana akamuitana pa chinthu chosadikira, asanaimirire alembe mizere iwiri pakapepala: ndafika pa tsiku lakuti, ndikufuna pomwe manambala atembenuka, cheke chakuti sichinafike ku banki. Leroy yemwe uja ndi mnzake Theresa Glomb anaonetsa kuti kulemba mwachidule chonchi mmene mudzayambirenso kumamasula mutu kuti ugwire bwino ntchito yodulirayo. Kapepalako kamam'thandizanso kalaliki wathu akabwerera, chifukwa sayambiranso pamzere woyamba.

Mwina mukuti zimenezi ndi zongoganizira. Zinayesedwapo. M'zaka za m'ma 1990, wofufuza wina dzina lake Leslie Perlow anakhala miyezi ingapo ndi gulu la mainjiniya olemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina yaikulu ku America. Anthuwa ankagwira ntchito mpaka usiku ndi kumapeto kwa sabata, chifukwa masana ankangodulana ndi mafunso. Iye anawapempha kuti agwirizane nthawi ya chete, m'mawa mpaka masana, masiku atatu pa sabata, pomwe palibe amene ankaloledwa kusokoneza mnzake. Ambiri ananena kuti ntchito yawo inayenda bwino, ndipo gululo linamaliza ntchito yake pa nthawi yake. Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri imene tiyenera kuimvetsa. Kafukufukuyo atatha, mgwirizano uja unayamba kufooka ndipo anthu anabwerera ku zakale, chifukwa chimene akuluakulu ankayamikira sichinasinthe. Phunziro lake ndi lomwe ndinanena poyamba: nthawi ya ntchito yozama imakhalapo gulu likaisunga, ndipo imatha gulu likaisiya, makamaka ngati wamkulu wa pa ofesi sakuilemekeza.

Tsopano tiyankhe otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo zomveka. Woyamba akuti, bwanji osangovala mahedifoni? Amathandizadi, koma tidziwe malire ake. Mahedifoni amene amathetsa phokoso amachita bwino pa phokoso lotsika ndi losasintha, monga la injini kapena jenereta, koma mawu a munthu, omwe amakwera ndi kutsika mosayembekezereka, ambiri amadutsa. Nthawi zina jenereta ikazimitsidwa m'makutu, mawu a mnzanu amamveka bwino kuposa kale. Ndipo mukaika nyimbo zokhala ndi mawu, mwangochotsa wolankhula wa pambali n'kuika wina m'khutu momwe. Chothandiza ndi phokoso lofewa losasintha, ngati la mvula kapena mtsinje, lomwe limaphimba mawu kuti asamveke bwino. Komabe mahedifoni sangaletse dzanja logwira paphewa panu. Amagwira ntchito ngati chizindikiro pokhapokha anzanu atagwirizana nanu tanthauzo lake.

Wachiwiri akuti, ofesi ya anthu ambiri inapangidwa kuti tizithandizana, ndiye chete ameneyu sapha umodzi? Funso ndi labwino, koma umboni ukuloza kwina. Ofufuza awiri a pa yunivesite ya Harvard, Ethan Bernstein ndi Stephen Turban, anafalitsa mu 2018 zimene anapeza atayeza makampani awiri amene anagwetsa makoma n'kuika antchito m'chipinda chimodzi chachikulu. Kulankhulana maso ndi maso kunatsika kwambiri, ndipo mauthenga olembedwa pa kompyuta anachuluka. Munthu amene alibe pothawira amadzitsekera yekha tsiku lonse. Amene akudziwa kuti ali ndi ola ndi theka lotetezedwa amatha kulandira mnzake ndi mtima wonse nthawi yotsalayo. Ndipo mafunso ambiri akadikira pang'ono, ofunsawo amapeza okha yankho, kapena amabwera ndi mafunso atatu nthawi imodzi m'malo mobwera katatu.

Wachitatu ndi amene ali pafupi kwambiri ndi ife. Akuti, kwathu kuno munthu sadutsa mnzake osam'patsa moni, ndipo wamng'ono sangauze wamkulu kuti dikirani. Zimenezi n'zoona ndipo sindikufuna kuti zithe. Moni aperekedwe mokwanira pofika m'mawa, anthu afunsane za kunyumba ndi za odwala, kenako nthawi ya chete iyambe. Ulemu uli m'kanenedwe. Kunena kuti, pepani bambo, ndili pakati pa mawerengero, ndikupezani ikamakwana hafu pasiti naini, kenako n'kupitadi nthawiyo, ndi ulemu woposa kuyankha maso ali pa pepala ndi mtima wowawidwa. Koma kwa wantchito wamng'ono, mawu amenewa ndi ovuta kuwanena ngati palibe chilolezo. N'chifukwa chake udindo waukulu uli kwa inu amene mumayang'anira anzanu. Mukalengeza inu nthawi ya chete, n'kukhala oyamba kuisunga, mwapatsa wamng'ono aliyense mphamvu imene wotchi singam'patse. Mugwirizanenso kuti chinthu chosadikira n'chiti, kuti pasakhale wonamizira changu pa chilichonse.

Wachinayi akuti, ntchito yanga ndi yolandira anthu, sindingatseke khomo. Ameneyu akunena zoona, ndipo apa pali malire a ntchito yozama yomwe. Wolandira alendo, wogulitsa pa kauntala, namwino wa pa wodi, kwa iwowa kuitanidwa ndiyo ntchito. Ngati ali ndi lipoti lolemba, njira yake ndi kusinthana ndi mnzake kwa ola limodzi, osati kulimbana ndi anthu amene anabwera kudzathandizidwa. Ndipo ngakhale amene ali ndi chipinda chakechake sangazame tsiku lonse. Anders Ericsson ndi anzake atafufuza oimba vayolini a ku Berlin, anaonetsa mu 1993 kuti ngakhale aluso kwambiri ankachita maphunziro olimba pafupifupi maola anayi okha pa tsiku, m'zigawozigawo, akupuma pakati. Choncho sitikupempha kuti ofesi ikhale zii kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chigawo chimodzi kapena ziwiri pa tsiku n'zokwanira, ndipo maola otsalawo, omwe phokoso lachuluka, ndi oyenera ntchito zopepuka zija. Kumeneko wotchi ya mphindi 25 imagwira ntchito bwino kwambiri, pothamangitsa mauthenga ndi mafayilo amene akanadya tsiku lonse.

Mungadziwe bwanji ngati njira yanu ikuthandiza? Musawerenge kuti belu lalira kangati, chifukwa munthu angathe kudzaza pepala ndi timizere ta zigawo zomwe wamaliza pomwe lipoti likadali pa tsamba loyamba. Yang'anani zizindikiro zina. Ngati mukuwerenga mzere umodzi katatu, ngati mungathe kubwereza nkhani yonse imene anzanu amakamba pambali, ngati belu likalira mumamva ngati wina wakulandani chinthu m'manja, ndiye kuti vuto si kudziletsa kwanu. Ndi malo, ndi nthawi, kapena ndi kutalika kwa chigawo. Koma ngati chipinda chili chete ndipo dzanja lanu ndi limene likuthamangira pa foni, pamenepo ikani wotchi, ikuthandizani.

Omvera anga, nthawi yathu yatha. Ndibwereze komaliza mfundo ya lero: wotchi imathandiza munthu kudziletsa yekha ndi kuyamba ntchito, koma nthawi ya ntchito yozama m'chipinda cha anthu ambiri imasungidwa ndi mgwirizano. Ndikusiyirani mafunso atatu oti muganizire sabata ino. Pa ntchito zanu zonse, ndi iti imene imafuna mutu wonse? Kuntchito kwanu kumakhala bata nthawi yanji? Ndipo ndi ndani amene muyenera kukambirana naye mawa kuti nthawi imeneyo ikhale yanu, nanunso mum'sungire yake? Ngati ndinu woyang'anira anzanu, funso lachitatuli liyambire kwa inu.